Ana asanu amene sindikuwapeza

Mvula yakhala ikugwa chiyambire masana, ndipo ine ndikadali ndi ana asanu m'mutu. Lipoti la mwezi la chipatala chathu likuyenera kupita kuboma mawa.

Ndinayala mapepala onse asanu a sabata ndi sabata patebulo, aja timakhwatchapo timizere, tinayi toimirira kachisanu kopingasa. Malungo a ana osakwana zaka zisanu anatuluka chonchi: 112, 98, 131, 120 ndi 87. Onse pamodzi 548. Ndisanalembe pafomu ndinatsegula kaundula wa koyezera magazi, chifukwa mwana amene walembedwa kuti ali ndi malungo ayenera kupezekanso kumeneko kuti magazi ake anaonetsadi. Kaundula akuti 509. Kusiyana 39.

Ambiri mwa iwo sanandivute. Mwezi unatha Lachitatu, koma pepala lachisanu linapitirira mpaka Lachisanu, ndiye ana 34 a Lachinayi ndi Lachisanu ndi a mwezi uno. Chikhala sindinaone, bwenzi atawerengedwa kawiri, m'lipoti ili ndi lotsatira. Nditawachotsa panatsala 514. Asanu aja basi.

Ndinapita kwa anesi athu aakulu, ndinawapeza akupukuta sikelo.

"Amayi, sabata yachitatu ija, kodi zoyezera malungo zinatipo zatha?"

"Ayi achimwene, zinalipo mwezi wonse. Bwanji?"

Nditawafotokozera anapumira m'mwamba. "Ingolembani 509. Anthu mazanamazana onsewa, asanu okha mpaka osadya nsima?"

Sananene mwachipongwe, anali atatopa, ayamba kuona odwala m'mawa kusanayere. Koma mawuwo akundiwawabe. Ndikalemba 509, fomu ioneka yoyera, DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta yomwe boma limasungiramo ziwerengero za zaumoyo, ilandira, ndipo chimene chinalakwika chibweranso mwezi wamawa ife osachidziwa.

Ndinayamba ndaganiza kuti mwina ana okwanitsa zaka zisanu anakhwatchidwa mu mzere wa ang'onoang'ono. Zikanatero, mzere wa azaka zisanu kupita m'mwamba ukanaperewera ndi asanu. Koma uwo ukugwirizana ndendende ndi kaundula. Ndinayesa kuwerenga mapaketi a LA amene anatuluka kufamase, osathandiza, poti LA timapereka poona kulemera kwa mwana, osati zaka zake.

Chikundikayikitsa ndi nambala yakeyo. Asanu enieni, ngati mtolo umodzi wa timizere wawerengedwa kawiri. Pepala la sabata yachitatu linadonthedwa ndi madzi a padenga, inki inayenderera pakona, ndipo sindikutha kuona ngati pali mitolo iwiri kapena umodzi. Mwinanso ndi ana obwera kachiwiri ndi malungo omwewo amene analembedwa ngati odwala atsopano.

Njira yatsala imodzi, kutsata kaundula wa odwala dzina ndi dzina, ana 131 a sabata imeneyo. Magetsi azima, foni yatsala ndi moto pang'ono. Ndafika pa Lachiwiri, mwana wa nambala 47, ndipo mpaka pano onse akugwirizana.