Akuba Amene Ankabweza Feteleza

Kwa zaka zinayi ndinali wosunga katundu pa sitolo ina ya zipangizo za ulimi ku Dedza, ndipo pa sivi yanga ntchito yonseyo inakwana mu mzere umodzi wakuti, "Ndinkayang'anira katundu wa m'sitolo." Alamu anga, amene kuntchito kwawo amafunsa nawo anthu ofuna ntchito, atauwerenga anapukusa mutu. "Alamu, mzere umenewu akhoza kuulemba ngakhale munthu amene ankangogona pa matumba tsiku lonse," anatero. Anandilangiza kuti ndisalembe zimene anandituma, koma chimene chinasintha chifukwa cha ine, kukula kwake, nthawi imene chinatenga, ndiponso njira imene ndinatsata.

Usiku womwewo ndinafukula kope langa lakale. Pamene ndinkayamba ntchito, matumba a feteleza 20 ankasowa mwezi uliwonse, koma nditayamba kuwerenga matumba Lachisanu lililonse ndi kusainitsa dalaivala aliyense asanatuluke pa geti, osowawo anatsika kufika pa 8 m'miyezi isanu ndi umodzi. Manambala amenewa anali okwanira, koma ine ndinaona kuti peresenti imamveka ya anthu ophunzira. Ndinatenga kusiyana kwake, komwe ndi 12, ndipo m'malo mogawa ndi 20, pamene ndinayambira, ndinagawa ndi 8, pamene ndinathera. Foni inandipatsa 150 peresenti, ndipo ndinagona ndikumwetulira, osawaonetsanso alamu aja.

Pa intavyu ku Lilongwe, mayi wina wa magalasi, amene ndinamva pambuyo pake kuti ndi wowerengera ndalama za kampaniyo, anaika chala pa mzere womwewo. "Bambo, mwalemba kuti munachepetsa kusowa kwa katundu ndi 150 peresenti. Chinthu chikachepa ndi 100 peresenti ndiye kuti chatheratu. Kodi 50 inayo ikutanthauza kuti akuba anayamba kukubweretserani matumba awo?" Mkulu amene anali pambali pawo anatsamwa ndi tiyi. Ine, pofuna kudzipulumutsa, ndinayankha kuti anthu a ku Dedza ndi oopa Mulungu, ndipo apa ndi pamene gulu lonse linafa nalo phwete.

Mayiwo anandipatsa cholembera kuti ndiwerengerenso pamaso pawo. Dzanja likunjenjemera, ndinagawa 12 ndi 20 ndipo ndinapeza 60 peresenti, nambala imene iwo anati ndi yabwino kale popanda kuithira ndiwo.

Ntchitoyo sindinaipeze. Mzere uja tsopano umati, "Ndinachepetsa matumba a feteleza osowa kuchoka pa 20 kufika pa 8 pa mwezi m'miyezi isanu ndi umodzi, powerenga katundu mlungu uliwonse ndi kusainitsa madalaivala." Koma alamu anga, ndikafika kwawo, amayamba afunsa ngati akuba aja abweretsa matumba angati mwezi uno, kenaka n'kundipatsa moni.