Tsiku lomwe ndinaiwala kulemba "kodi"

Temu ino tinapatsidwa ntchito yolemba m'magulu a anthu asanu, ndipo poti tonse timaphunzira tili kwathu, zonse zimayendera pa WhatsApp. Ine anandisankha kuti ndizisonkhanitsa magawo a aliyense n'kuwalumikiza. M'gulu mwathu muli amayi ena, mphunzitsi wa pulayimale, amene msinkhu wawo ndi wofanana ndi wa mayi anga ondibereka. Ndiwo amene amayamba kumaliza gawo lawo nthawi zonse. Ndiye Lachinayi usiku, kutatsala tsiku limodzi kuti tipereke ntchitoyo, nditaona kuti gawo lawo palibe, ndinaganiza kuti atumiza koma netiweki yawagwira, poti kwawoko imavuta. Ndinalemba pagulu, ndili mothamanga, magetsi atazima, foni itatsala pang'ono kuzima nayonso:

"Amayi simunatumizebe gawo lanu"

M'mutu mwanga limeneli linali funso, ndipo linali ndi nkhawa mkati. Patapita mphindi zingapo anayankha mawu amodzi: "Chabwino." Gulu lonse linati zii. M'mawa gawo lawo linafika, lopanda moni, pomwe iwo salemba kanthu asanafunse kaye kuti mwadzuka bwanji.

Chimene ndaphunzira pa nkhaniyi chandigwira mtima kuposa zomwe tinkalembazo, n'chifukwa chake ndikuchilemba pano.

Nditauwerenganso uthenga wanga kutacha, ndinauwerenga mokweza monga momwe unalembedwera, osati monga momwe ndinauganizira. Sunali funso ayi. Chichewa chathu sichisintha kayalidwe ka mawu pofunsa funso la inde kapena ayi. "Mwadya" ndi "mwadya?" ndi mawu amodzimodzi, chimene chimawasiyanitsa pakamwa ndi kukwera kwa liwu cha kumapeto. Pa foni liwulo kulibe. Zotsala ndi ziwiri zokha, chizindikiro cha funso ndi mawu akuti "kodi", ndipo ine ndinasiya zonse ziwiri. Chimene chinafika kwa amayiwo ndi chiganizo chowauza kuti sanachite ntchito yawo, cholembedwa ndi mwana wamng'ono kwa iwo, anthu ena atatu akuona. Ndinaonjezanso kamchira kaja ka "-be", kamene kamanena kuti nthawi yapita kale ndipo munthu akudikiridwa. Kamchira kameneka ukakanena ukumwetulira sikapweteka. Kakalembedwa, kamaloza chala.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti ife olemba Chichewa tili ndi vuto lowirikiza. Pali kamvekedwe ka mtima, kaja timamva kuti munthu wakwiya kapena akuseka, ndipo kameneka kamasowa m'mameseji a chinenero chilichonse. Koma ife tilinso ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu komwe kumasintha tanthauzo lenilenilo, ndipo kalembedwe kathu ka tsiku ndi tsiku sikakuonetsa. Tonse timadziwa za "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika, kapena "khungu" la pathupi ndi "khungu" la kusaona. Amenewa savuta, nkhani yomwe ikukambidwa imawamasulira. Ovuta ndi aneni. "Ndimapita" liwu likakwera pa "ndi" ndiye kuti ndi chizolowezi changa, ndimapita masiku onse. Likakwera pa "pi" ndiye kuti ndinali pa ulendo nthawi ina yapitayo. Papepala n'chimodzi. Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa inatsala pang'ono kundigwetsanso kachiwiri.

Chodabwitsa n'chakuti polemba sindinakayike ngakhale pang'ono kuti amva funso. M'zowerenga za phunziro lathu la kulumikizana muli kafukufuku wa mu 2005 wa Justin Kruger ndi Nicholas Epley pamodzi ndi anzawo. Anauza anthu kuti atumize ziganizo, zina zonena zenizeni ndi zina zonyogodola, ena pa imelo ndi ena ndi mawu apakamwa ojambulidwa. Otumiza pa imelo ankayembekezera kuti owerenga amva bwino kamvekedwe kawo pafupifupi ka 78 pa ka 100 kalikonse, koma owerengawo anakhoza ka 56 kokha, zosasiyana kwenikweni ndi kungolota, poti mayankho anali awiri okha. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: wolemba amamva liwu lake m'mutu pamene akulemba, ndipo amaiwala kuti liwulo silipita nawo. Ine ndinalimva funso langa bwinobwino. Amayiwo analandira zilembo zokha, ndipo liwu analiikamo okha, usiku, atatopa ndi makope a ana.

Ndi "Chabwino." wawo uja nanenso ndinachita chimodzimodzi. Ndinaona kadontho kakumapeto n'kunena kuti akwiya kwambiri. Ofufuza a ku yunivesite ya Binghamton ku America anapeza kuti ophunzira ankaona meseji ya mawu amodzi yothera ndi kadontho ngati yosachokera pansi pa mtima, koma anthuwo anali achinyamata ozolowera kulemberana mwachidule. Mphunzitsi amene wakhala zaka zambiri akuchonga ana osaika mpumiro amaika kadontho paliponse, ngakhale ali wosangalala. Chizindikiro chenicheni sichinali kadonthoko. Chinali moni wosowa uja m'mawa, chifukwa ndi umene unasiyana ndi chizolowezi chawo. Mukafuna kudziwa ngati munthu wakhumudwa pa meseji, muyerekezeni ndi momwe iye mwini amalembera masiku onse, osati ndi momwe inu mumalembera.

Tsono kukonza kwake. Mawu oyamba amene ndinalemba, osatumiza, anali akuti: "Amayi mwandimva molakwa, ine ndimangofunsa." Ndinawayang'ana nthawi yaitali chifukwa ankandikomera kwambiri, ndipo anali oona. Koma taonani zomwe akuchita. "Mwandimva molakwa" akuika cholakwa m'makutu mwawo, pomwe iwo anawerenga ndendende zimene ndinalemba. Munthu amene wakhumudwa kale ndiye ukumuuzanso kuti samva. "Ine" uja wayima patsogolo ngati munthu woimirira pabwalo la milandu. Ndipo "ndimangofunsa", popanda liwu, angamveke kuti ndinkangofunsa usiku uja, kapena kuti kufunsa ndi khalidwe langa ndipo azolowere. Ndikanatumiza, ndikanachiza bala la kamvekedwe ndi mawu enanso odalira kamvekedwe.

Ndinayesa kachiwiri: "Pepani ngati mwakhumudwa." Awa amaoneka aulemu, koma "ngati" akubweza ndi dzanja lamanzere zomwe "pepani" wapereka ndi lamanja. Komanso "pepani" wathu ndi wotambalala, timamunena kwa munthu amene wapunthwa chala kapena waferedwa, ife tisanalakwe kanthu. "Pepani ngati mwakhumudwa" angakhale chipepeso cha munthu wongodutsa, womvera chisoni wina pa tsoka lodzigwera lokha. Sindinkafuna kuwapepesa ngati odwala.

Ndinaona kuti kudzitchinjiriza kumayamba pamene uthenga wako ukunena za cholinga chako chabwino, kapena za kamvedwe ka mnzako. Kufotokoza kwenikweni kumanena za mawu amene analembedwa, chifukwa ndiwo okhawo amene nonse awiri mungawaone pa foni. Choncho ndinawalembera paokha, osati pagulu, ndipo ndinayamba ndi moni wathunthu, n'kudikira kuti ayankhe. Atayankha ndinalemba kuti:

"Amayi, ndawerenganso uthenga wanga wa usiku uja ndipo ukumveka ngati ndikukudzudzulani pamaso pa anzathu. Ndinalakwitsa kalembedwe, pepani. Ndinkafuna kufunsa ngati munatumiza koma osafika, poti inu mumakhala oyamba nthawi zonse. Gawo lanu ndalandira, zikomo kwambiri."

Dongosolo la ziganizozi ndinaliganizira. Choyamba chikuvomereza kuti kawerengedwe kawo n'koona. Chachiwiri chikutchula chimene ndinalakwitsa, kalembedwe, osakulitsa kapena kuchepetsa. Cholinga changa chikubwera pachitatu, kamodzi kokha, ndipo ndinalemba "ndinkafuna" m'malo mwa "ndimafuna" kuti pasakhale kukayika za nthawi. Cholinga chomwechi chikanakhala poyamba chikanamveka ngati chodzikanira. Mawu akuti "koma" sindinawalole kutsatira "pepani". Ndinachotsanso ndime yonse ya magetsi ozima ndi batire yotha, ngakhale zinali zoona, chifukwa chifukwa chilichonse chowonjezera chimauza wowerenga kuti ukufuna akumasule mlandu, ndiye iye amayamba kuyeza zifukwazo m'malo momva kupepesako. Kankhope koseka sindinakaikemo. Kwa anzanga a msinkhu wanga kamafewetsa mawu, koma kwa munthu wamkulu amene wachititsidwa manyazi kangaoneke ngati ukuipeputsa nkhaniyo.

Panatsala chinthu chimodzi. Manyazi anachitikira pagulu, ndiye kupepesa kuseri kokha kukanasiya atatu aja akuganizabe kuti amayiwo anachedwetsa ntchito. Pagulupo sindinabwereze nkhani yonse. Ndinangolemba kuti funso langa la usiku linatuluka ngati chidzudzulo, kuti vuto linali kalembedwe kanga, ndi kuti gawo la amayi lafika lathunthu.

Ena m'kalasi anati bwanji osangoimba foni kapena kutumiza mawu ojambula, liwu libwerere. N'zoona kuti liwu limathandiza. M'kafukufuku wa 2005 uja omvera mawu apakamwa anakhoza kwambiri kuposa owerenga. Ine ndikuona kuti zimatengera. Nthawi imeneyo amayiwo anali m'kalasi ndi ana, ndipo foni yolira mwadzidzidzi imakakamiza munthu kuyankha asanakonzeke, ena mpaka amangoti "palibe vuto" kuti udule. Mawu ojambula nawo amakopa munthu kulankhula mphindi zitatu, ndipo m'mphindi zitatu zifukwa zonse zija ndinachotsa zikanalowanso. Koma meseji yofotokoza ikapita kamodzi osathandiza, yachiwiri ndi yachitatu zimangosanduka mtsutso, ndipo pamenepo ndikanapempha nthawi yoti ndiwaimbire.

Anayankha nthawi yopuma ya ana. Anati usiku uja anali akulembabe gawolo pa foni, mdzukulu wawo akutentha thupi pambali, ndipo atawerenga uthenga wanga anamva ngati mwana wawauza pamaso pa anthu kuti ndi aulesi. Ndiye kuti ngakhale kuganiza kwanga kwa netiweki kunali kolakwika. Ntchitoyo inalidi isanathe, ndipo n'chifukwa chake mawuwo anabaya. Funso loyenera usikuwo likanakhala lakuti "Kodi amayi, zikuyenda bwanji ndi gawo lanu, pali pomwe ndingathandize?", lofunsidwa kwa iwo okha.

Anamaliza ndi kuti, "Zatha mwanawe, tiyeni timalize ntchito." Kumapeto kunali kadontho, monga mwa nthawi zonse. Ntchito tinapereka Lachisanu madzulo, ndipo mdzukuluyo Lolemba anali atayamba kusewera.