Wotchi yomwe inkathamanga ikadzaza, n'kuchedwa madzi akachepa

Lero ndaphunzira chinthu chondidabwitsa, anzanga. Kale anthu ankadziwa nthawi poyang'ana mthunzi wa ndodo padzuwa, koma usiku kapena kukachita mitambo njira imeneyi sinkathandiza. Ndiye Aigupto anapanga mbale yamwala yoboola pansi, madzi n'kumadontha, anthu n'kumadziwa nthawi poona mmene madziwo atsikira. Ina yotere inapezeka ku Karnak, ku Igupto komweko, ya m'ma 1400 B.C. Vuto lake n'loti mbale ikadzaza madzi amatuluka mwamphamvu, akachepa amangodontha pang'onopang'ono. Aliyense amene anatungapo madzi pa ndowa yokhala ndi pompi akudziwa zimenezi. Kukazizira kwambiri madzi amaundananso.

Ku Ulaya, cha m'ma 1300, amisiri anachotsa madzi n'kupachika cholemera pachingwe chokulunga pa gudumu la mano. Chikanangogwa kamodzin'kamodzi, koma anaika kachitsulo kogwira dzino limodzi n'kulisiya, kugwira lina n'kulisiya. Kaphokoso kamene timamva m'mawotchi otere kamachokera pamenepo.

Chondiseketsa n'chakuti mawotchi oyambawo ankasokoneza nthawi ndi mphindi pafupifupi 15 patsiku, moti masana munthu ankapitanso kukayang'ana mthunzi uja kuti akonze wotchi.