Mzati wa 40 umene sunafike pa mzere wa 40

Ndinakonza tchati mu Excel chosonyeza anthu amene analembetsa maphunziro m'miyezi inayi: Januwale 38, Febuluwale 40, Malichi 43, Epulo 52. Ndinasankha 3-D Column chifukwa mizati yake inkandisangalatsa. Koma mnzanga atangochiona anafunsa kuti, "Kodi Febuluwale munapeza 37 kapena 38?" Zinandiwawa, chifukwa nambala zanga zinali zolondola.

Nditayika rula pasikirini ndinaona pamene panagona vuto. Mizere yoyezera imajambulidwa pakhoma lakumbuyo, pomwe mizati yaima patsogolo, ndipo pakati pali mpata. Popeza tchaticho chimaoneka ngati ukuchiyang'ana uli chapamwamba, khomalo limakwera pang'ono, mzati n'kutsalira m'munsi mwa mzere wake. Komanso mzati uliwonse uli ndi kadenga, ndiye wowerenga sadziwa ngati ayezere m'mphepete mwakutsogolo kapena mwakumbuyo. Kunenepa kwa mzatiko sikuimira nambala iliyonse. Kumangosokoneza maso.

Choyamba ndinachotsa chimenecho. Ndinadina tchaticho ndi batani lakumanja, n'kupita pa Change Chart Type, n'kusankha Clustered Column yafulati. Pompo mzati wa Febuluwale unagunda mzere wa 40 ndendende.

Mizere ndi imene inanditengera nthawi. Ndinali nditaiyika yakuda bii, yotalikirana ndi 5, kuyambira 0 mpaka 60. Imeneyo ndi mizere 13 pofuna kuwerenga mizati inayi yokha! Diso limathamangira chinthu chakuda kwambiri, choncho munthu ankayamba waona mizere, mizati n'kumaoneka ngati ili m'khola. Pa Format Axis ndinasintha Major, yomwe ndi kutalikirana kwa mizere, kukhala 20, panangotsala 0, 20, 40 ndi 60. Ndili pomwepo ndinaonetsetsa kuti Minimum ili pa 0, chifukwa ikadayambira pa 30, mzati wa 52 ukadaposa wa 38 pafupifupi katatu. Kenako mizereyo ndinaipatsa mtundu wotuwa wosawala, n'kuichepetsa kufika 0.5 pt, kuti izioneka pokhapokha munthu akaifuna.

Nditadina Add Data Labels, nambala iliyonse inakhala pamutu pa mzati wake, ndipo mizere ija inatha ntchito. Ndinadina mzere umodzi n'kukanikiza Delete, yonse inachoka. Apa ndichenjeze: izi zinatheka chifukwa mizati inali yochepa. Ikadakhala 30, nambala zikadapanikizana, ndipo mizere yotuwa itatu kapena inayi ndikadaisiya. Kabokosi ka Legend, kofotokoza zimene mitundu ya mizati ikuimira, nakonso ndinachotsa, poti mizati yonse ikunena chinthu chimodzi chimene mutu wa tchati watchula kale.

Ndinabwerera kwa mnzanga uja, n'kuphimba nambala za pamizati ndi pepala, n'kumufunsa mwezi umene unaposa inzake. Anayankha asanaphethire kuti Epulo, n'kuwonjezera kuti miyezi itatu yoyambayo ikungosiyana pang'ono.