Makanema asanu ndi awiri a vesi la m'mawa: pamene ndafika

Sabata yatha ndinamaliza kusankha mavesi a m'Baibulo a makanema afupiafupi oti ndiziika pa YouTube ndi pa Status ya WhatsApp, mmodzi m'mawa uliwonse, ndipo sabata ino ndakhala ndikulimbana ndi funso limodzi: kodi makanema asanu ndi awiri angaoneke bwanji ngati a banja limodzi pamene mavesi ake ndi osiyana kutalika ndiponso mtima wake? Ndikulemba zimene ndapeza mpaka pano ndisanayambe kutulutsa kanema woyamba Lolemba likubwerali.

Mavesi onse ndinawasankha chifukwa akutchula m'mawa, kapena kudzuka. Lolemba ndi Masalimo 5:3, pamene wolemba akuti Mulungu amamva mawu ake m'mawa. Lachiwiri ndi Masalimo 143:8, Lachitatu Yesaya 50:4, Lachinayi Maliro 3:22-23, Lachisanu Masalimo 30:5, Loweruka Marko 1:35, ndipo Lamulungu ndikutseka ndi Masalimo 90:14. Kumanga mavesi pa mutu umodzi chonchi kwandichotsera ntchito yofotokoza tsiku lililonse chifukwa chimene vesilo labwerera. Munthu akaona awiri oyamba, wachitatu amadziwa kale chimene akubwera kudzamva.

Cholakwika changa choyamba chinali kukonza dongosolo la kanema potengera vesi la Lolemba. Masalimo 5:3 ndi lalifupi, ndimaliwerenga mofatsa m'masekondi khumi. Ndinakonza zonse mozungulira masekondi khumiwo: chithunzi, malo a zilembo, nthawi yopumira, mawu otsekera. Zinaoneka bwino kwambiri. Nditafika pa Lachinayi zonse zinasokonekera, chifukwa Maliro 3:22-23 ndi mavesi awiri, ndipo Yesaya 50:4 nalonso ndi lalitali. Ndinayesa kuwerenga mofulumira kuti akwane, koma nditamvetsera ndinapeza kuti kanema wa Lolemba akumveka ngati pemphero, wa Lachinayi akumveka ngati chilengezo. Mawu anali anga omwewo, koma liwiro linasintha mtima wonse.

Choncho ndinayambiranso, tsopano kuchokera ku vesi lalitali koposa onse. Ndinawerenga mavesi asanu ndi awiriwo katatu lililonse, wotchi ya pafoni ikuyenda, n'kulemba nthawi yake. Lalitali linanditengera masekondi 18 ndikuwerenga pa liwiro limene ndikufuna, lalifupi masekondi 10. Apa ndinaphunziranso kuti kuwerengera kuchuluka kwa mawu sikuthandiza kwenikweni m'Chichewa, chifukwa liwu limodzi monga "ndidzakuyembekezerani" limatenga mpweya wofanana ndi mawu atatu kapena anayi aafupi. Njira yokhayo yodalirika ndi kuwerenga mokweza ndi kuyesa nthawi.

Dongosolo limene ndakhazikika nalo ndi la masekondi 45. Masekondi atatu oyamba pamaoneka nambala ya tsiku ndi pamene vesi likupezeka, popanda mawu aliwonse. Kenako vesi limapatsidwa malo a masekondi 18, ndiye kukhala chete masekondi awiri, lingaliro limodzi lochokera m'vesilo masekondi 17, ndipo masekondi asanu omaliza ndimatchulanso buku, chaputala ndi vesi, n'kunena kuti tionana mawa. Vesi likakhala lalifupi sinditalikitsa ndemanga kuti ndidzaze mpata. Ndimabwereza mzere womaliza wa vesilo kachiwiri, pang'onopang'ono. Pa Masalimo 5:3 kubwerezako kumatenga masekondi asanu ndi limodzi, ndipo awiri otsalawo amakhala a kupuma pakati pa kuwerenga koyamba ndi kwachiwiri. Motero ndemanga imayamba pa sekondi ya 23 m'makanema onse asanu ndi awiri. Woonera sangawerenge masekondi, koma khutu limazolowera malo amene mawu amasinthira.

Chimene ndakhalapo nthawi yaitali ndi kamvekedwe. Ndinkaganiza kuti mavesi a m'mawa onse ndi achisangalalo, ndipo ndinali nditasankha kale kalankhulidwe kowala, komwetulira. Nditawerenga machaputala onse, osati vesi lokha, ndinaona kuti ndalakwa. Buku la Maliro ndi kulira chifukwa cha kuwonongedwa kwa Yerusalemu ndi Ababulo, ndipo mawu akuti chifundo cha Mulungu chimakhala chatsopano m'mawa uliwonse akuchokera pakamwa pa munthu amene m'mavesi am'mbuyomo wakhala akufotokoza mdima ndi zowawa zake. Salimo 143 ndi pemphero la munthu amene adani akumulondola. Salimo 90 likukamba za kufupika kwa moyo wa munthu, zaka makumi asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, lisanafike pa pempho loti Mulungu atikhutitse ndi chikondi chake m'mawa. Kuwerenga mawu oterewa ndi liwu la chikondwerero ndi kuwalakwira. Komanso sindikufuna kuti munthu amene wangodzuka ayambe tsiku ndi mawu olemera ngati a pamaliro.

Ndasankha liwu limodzi la sabata yonse: lotsika, lodekha, ngati ndikulankhula ndi munthu mmodzi amene wakhala nane pafupi. Liwu limeneli limanyamula Maliro popanda kupeputsa chisoni chake, ndipo limanyamulanso Masalimo 30:5, pamene kulira kumagona usiku koma chimwemwe chimadza m'mawa, popanda kufuula. Ndemanga ndaziikira malamulo atatu: ziganizo zisapitirire zitatu, choyamba chizinena amene akulankhula m'vesilo ndi mmene zinthu zinalili, ndipo ndisalamule woonera kuchita chilichonse. Ya Lachinayi ndailemba chonchi: "Mawu awa ananenedwa mzinda utagwa, osati zinthu zikuyenda bwino. Wolembayo sanadikire kuti mavuto athe kuti aone chifundo. Anachiona m'kucha kwa tsiku lina." Ndikawerenga modekha zimakwana m'masekondi 17 aja, ndi kampata kakang'ono kopumira.

Pa nkhani ya Baibulo, ndagwiritsa ntchito kumasulira kumodzi sabata yonse, ndipo dzina lake ndimalilemba ndi tizilembo tating'ono pansi pa vesi. Kusakaniza Chichewa chakale cha Baibulo lina ndi Chichewa chamakono cha lina kumamveka msanga, ngakhale kwa munthu amene sadziwa chifukwa chake. Palinso kanthu kena kamene kanatsala pang'ono kundiphonyetsa. Mabaibulo ena amawerenga mutu wa salimo ngati vesi loyamba, potsatira manambala a Chihebri, choncho Masalimo 5:3 amakhala 5:4, ndipo 30:5 amakhala 30:6. Munthu akatsegula Baibulo lake n'kupeza mawu ena, adzaganiza kuti ndalemba molakwika. M'mawu ofotokoza kanema wa Lolemba ndi wa Lachisanu ndaikamo manambala onse awiri.

Kujambula mawu ndinayesa kuchita masiku osiyana, ndipo sizinayende. Wa Lolemba ndinajambula usiku, wa Lachiwiri m'mawa mwake nditangodzuka. Payekhapayekha onse anali abwino, koma nditalumikiza mapeto a woyamba ndi chiyambi cha wachiwiri n'kumvetsera nditatsinzina, zinali ngati anthu awiri. Liwu la m'mawa linali lalikulu ndi losasa pang'ono, ndipo foni ndinali nditaiika patali kusiyana ndi dzulo lake. Kuyesa kumeneku, kolumikiza mapeto ndi chiyambi, ndi kumene ndikugwiritsa ntchito tsopano pa makanema onse. Dzulo ndinajambulanso mawu a masiku onse asanu ndi awiri pa nthawi imodzi, m'chipinda chimodzi chokhala ndi makatani, maikolofoni ili kutalika kwa chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa. Zinanditengera mphindi 50, kuphatikizapo kubwereza Yesaya kanayi.

Za chithunzi sindinavutike nazo kwambiri. Makanema ndi oimirira, 9:16, kukula kwake 1080 x 1920. Kumbuyo kuli thambo la m'bandakucha limene ndinajambula ndekha foni itakhazikika malo amodzi, ndipo tsiku lililonse ndimatenga chidutswa china cha kanema yemweyo, kotero mtundu susintha koma mitambo siibwereza. Zilembo ndi zoyera, za mtundu umodzi, mizere isapitirire itatu nthawi imodzi, ndipo ndimadula mzere pamene ndimapumira powerenga, osati pamene malo athera. Poyesa koyamba ndinaika dzina la vesi pansi penipeni, ndipo nditakweza kanemayo mwachinsinsi kuti ndione, linabisika kumbuyo kwa dzina langa ndi mabatani. Tsopano gawo lapansi, pafupifupi limodzi mwa magawo asanu a sikirini, ndimalisiya lopanda zilembo, chimodzimodzinso m'mphepete mwa kudzanja lamanja. Nyimbo ndachotsa. Ndinaikapo kaye kanyimbo kapansipansi, koma pa sipika ya foni kankaphimba mathero a mawu, ndipo masekondi awiri a chete aja sankamvekanso ngati chete.

Tsono nthawi yotulutsa. Ndasankha 5:30 m'mawa tsiku lililonse, Loweruka ndi Lamulungu lomwe, chifukwa ndikufuna kuti kanema azikhala alipo kale munthu akamatsegula foni. Pa YouTube izi n'zosavuta: ndikweza onse asanu ndi awiri Loweruka lino, n'kusankha Schedule pa aliyense ndi kulemba tsiku ndi nthawi yake. Pa Status ya WhatsApp ndiziika ndekha ndi dzanja, ndipo apa nthawi ndi yofunika kwambiri chifukwa Status imachoka pakatha maola 24. Ndikaika wa Lolemba 5:30 ndi wa Lachiwiri 5:30, wina amachoka mnzake akulowa. Ndikachedwa mpaka 8 koloko tsiku lina, padzakhala maola awiri ndi theka opanda kanthu, ndipo mawa lake makanema awiri adzaonekera limodzi. Ndaika alamu ya 5:20, ndipo mafayilo ali mufoda imodzi ndi mayina otsatizana, monga `tsiku1_sal5v3.mp4` ndi `tsiku4_maliro3v22.mp4`, kuti ndi maso a tulo ndisatenge wolakwika.

Pamene ndafika ndi apa: mawu onse ajambulidwa, makanema a Lolemba mpaka Lachinayi atha ndipo ndawaonera pa foni, a Lachisanu ndi Lamulungu atsala zilembo zokha. Wa Loweruka ndi amene akundiganizitsabe. Marko 1:35 si pemphero kapena lonjezo ngati enawo, ndi nkhani: Yesu anadzuka kukadali mdima, n'kupita kumalo kopanda anthu kukapemphera. Ndikawerenga ndi liwu la sabata yonse lija zikumveka bwino, koma ndemanga yake ikumangotsetserekera ku kulangiza, kuti nanunso dzukani mupemphere, zimene ndinadziletsa kale. Ndalemba kawiri n'kufufuta. Usiku uno ndiyesa kuyambira pa zimene zili m'mavesi 32 mpaka 34, pamene madzulo a dzulo lake mudzi wonse unasonkhana pakhomo ndi odwala, ndione ngati ziganizo zitatu zingakwane kuonetsa tsiku limene anachokamo asanadzuke m'mawa umenewo. Zikatheka, ndijambulanso ndemanga yokhayo m'chipinda chomwe chija, pa ola lomwe lija, n'kuilumikiza ndi mapeto a wa Lachisanu kuti ndimve ngati liwu likufanana.