Ndinadulitsa a tcheya mitengo, kenako zinaipiraipira

Poti chithunzi chija chazungulira kale m'magulu atatu a WhatsApp, kuphatikizapo la kwaya yomwe ine sindiimbamo n'komwe, ndi bwino ndifotokoze ndekha musanathiremo mchere wanu. Inde, ndine. Ndine amene ndinalengeza pa tsamba la Instagram la bungwe lathu kuti a tcheya achita chimbudzi patchire. Koma sindinalembe choncho ayi, ndipo komiti yonse ya anthu asanu ndi awiri inaona, inavomereza, ena mpaka anaomba m'manja. Lero onsewo akuti tsiku limenelo anaiwala magalasi kunyumba.

Ganizo lenilenilo linali labwino, ndipo pamenepa sindigonja. Kale tinkangoponya zithunzi mwachisawawa: lero msonkhano, mawa mbuzi, kenako mwezi wathunthu zii. Ndiye mu Okutobala 2025 ndinati tiyambe karuselo ya sabata ndi sabata, zija zithunzi zingapo mu positi imodzi zomwe umakankha ndi chala kuti uone chotsatira. Lachitatu lililonse, 6 koloko m'mawa. Mitu inayi yosinthana: mitengo, madzi, zimbudzi, zinyalala, ikatha n'kuyambiranso. Uliwonse ndi mtundu wake, wobiriwira, wabuluu, wachikasu ndi wofiirira, kuti munthu akangoona mtundu adziwe nkhani ya sabata imeneyo. Ndinachita kuwerengera pa kalendala kuti mutu wa zimbudzi ugwe pa 19 Novembala, tsiku lokumbukira zimbudzi padziko lonse, lomwe chaka chimenecho linali Lachitatu ndendende. Nditaona kuti zagwirizana ndinaimirira ndekha mu ofesi n'kudzigwira chanza.

Instagram imalola masamba mpaka 20 mu karuselo imodzi, koma ine ndinati asanu ndi awiri akwana, anthu athu bandulo ndi yowerengera. Loyamba chikuto. Lachiwiri vuto lenileni m'chiganizo chimodzi, ndipo lizimveka palokha, chifukwa munthu akadumpha positi osakankha, nthawi zambiri imadzamubwereranso itayambira pa tsamba lachiwiri. Atatu otsatira zoyenera kuchita, chimodzi pa tsamba: chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita 30, chikhale ndi chivundikiro, pakhomo pake pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa. Lachisanu ndi chimodzi mawu a munthu wa m'mudzi momwe tikugwira ntchito, atavomera yekha kujambulidwa. Lomaliza nambala ya ofesi. Mukuona? Mutu unkagwira ntchito.

Chikuto ndiye chinali mwana wanga wachisamba. Ndinapanga chikombole chimodzi mu Canva, choti sabata iliyonse ndizingosintha mawu ndi mtundu, zina zonse zili pomwepo. Ndipo kuti anthu aziti akangoona adziwe kuti ndi ife, ndinati mutu uliwonse uziyamba ndi "Osa". OSADULA MITENGO. OSAMWA MADZI A M'DAMBO. OSACHITA CHIMBUDZI PATCHIRE. OSATAYA ZINYALALA MUMSEWU. Mzere woyamba ndinaukankhira kumanzere kwenikweni, pafupi kukhudza m'mphepete, wachiwiri n'kuulowetsa mkati ngati masitepe. Ndinkati ndi sitayilo.

Pakati pa chikutocho ndinafuna kuika chithunzi chosintha sabata ndi sabata: mbande, mjigo, zotero. A tcheya anatsokomola pang'ono. "Mwana wanga, anthu amakhulupirira nkhope. Mjigo ulibe nkhope." Palibe anatsutsa. Anatulutsa chithunzi chawo chomwe amachikonda, chija avala suti ya imvi, akumwetulira mano onse panja, chala chachikulu m'mwamba. Chimenecho chinalowa m'chikombole, chokhazikika, cha sabata iliyonse mpaka Yesu adzabwere. Lembani penapake kuti ganizo limeneli silinali langa.

Langa linali ili: chikombolecho ndinachikopera ku ntchito yakale ya 2023, ya mbali zonse zofanana, mapikiselo 1080 m'lifupi ndi 1080 m'litali. Nthawi imeneyo timabokosi ta pa tsamba la mwini akaunti, tija timandandalikana titatutitatu, tinalinso tofanana mbali zonse, ndiye chithunzi chinkalowa chonse. Kuyambira Januwale 2025 timabokosito ndi tatitali, muyezo wa 3 kwa 4. Dziko lonse linadziwa. Ine ndinali kuti, musandifunse. Masamu ake ndi osavuta mpaka amapweteka: chithunzi chotalika 1080 chikalowa m'kabokosi ka 3 kwa 4, m'lifupi mumatsala 810. Mapikiselo 270 amapita, 135 kumanzere, 135 kumanja. Mawu anga ankayambira pa 25, ndipo chilembo chilichonse chinali chonenepa pafupifupi 55. Werengani nokha. O ndi S, ndendende, ngati wadula ndi lezala telala wa pa msika.

Choipa n'chakuti positi ikamadutsa pomwe anthu amaonera za tsiku ndi tsiku, imaoneka yonse bwinobwino. Kudulako kumachitika pa timabokosi pokha. Ine ndinakonza zinayi zonse usiku umodzi pa laputopu, n'kuzitchera mu Meta Business Suite kuti zizituluka zokha, basi n'kumagona tulo ta munthu wolungama. Lachitatu lililonse ndinkaona positi yatuluka, ndinkawerenga mitima, n'kutseka. Kutsegula tsamba lathu lenilenilo pa foni, ngati mlendo wofuna kutidziwa, sindinachiteko ngakhale kamodzi. Chikombole chikapindika, njerwa zonse za mu uvuni zimatuluka zopindika, ndipo ine ndinali nditawotcha kale zitatu.

Lachinayi pa 20 Novembala tinali ndi msonkhano wa komiti, ndipo panabwera mayi wina wochokera ku bungwe lomwe limatithandiza ndi ndalama. A tcheya anati, "Tamuonetseni mlendoyu zija mukuchita pa intaneti." Ndinatsegula tsamba lathu, osayang'anako n'komwe, n'kupereka foni ndi manja awiri kwa a tcheya kuti ayambe ndiwo. Ulemu umenewo ndi umene unandipha.

Anaitalikitsa foni, n'kuibweza pafupi, n'kuitalikitsanso. Mzere wathunthu, timabokosi titatu, nkhope zawo zitatu, zonse zikumwetulira, zala zitatu m'mwamba. Ndipo a tcheya ndi munthu amene sawerenga chamumtima. Anaphunzitsa sitandade 4 zaka zambiri, chilichonse amawerenga mokweza, motsindika, ngati pali ana kumbuyo amene sakumva.

"Achita... chimbudzi... patchire."

Chete. Ngakhale fani ya padenga inakhala ngati yaima kuti imve bwino.

Anasuntha chala kupita pa kabokosi kachiwiri, chifukwa mphunzitsi sasiya ndime pakati. "Amwa madzi a m'dambo." Apa mawu anatsika pang'ono. Kachitatu anakawerenga ngati munthu amene akumva mlandu wake kubwalo la amfumu: "Adula mitengo." Kenako anakweza maso, osati kwa ine, koma kumwamba, n'kufunsa funso lomwe mpaka lero limandidzutsa usiku.

"Ndani?"

Palibe anayankha, chifukwa yankho linali pomwepo katatu, litavala suti ya imvi. Msungichuma wathu, mayi wa mvano amene sindinamuonepo akuseka chiyambire 2019, anagwira pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka ngati minibasi ya pa msewu wafumbi. Mlembi anagwetsa bolopeni dala n'kulowa pansi pa tebulo kukaifuna, ndipo sanatuluke. Ndikunena zoona, munthu uja anakhala pansipo nthawi yokwanira kuphika nyemba. Mlendo uja Chichewa amachimva pang'ono, cha moni ndi zikomo, ndiye anasuzumira pa foni, anaona nkhope yosangalala ndi chala m'mwamba, n'kunena mwaulemu kuti n'zosangalatsa kuona mtsogoleri akuchita yekha zimene amaphunzitsa anthu. Pansi pa tebulo panamveka kaphokoso ngati mwana wa mbuzi watsamwa.

A tcheya anayang'ananso. Ndinaona akuwerenga kuchokera kumanja kubwerera kumanzere, mwa dongosolo lomwe zinatulukira, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti ndinapanga nkhani yokhala ndi chiyambi, pakati ndi mathero. Munthu wadula mitengo, watopa, wamwa madzi a m'dambo, ndipo zotsatira zake sabata yachitatu n'zosadabwitsa kwa aliyense amene anamwapo madzi a m'dambo. Ndikanachita kufuna sindikanaikonza bwino choncho.

"Mwana wanga," anatero pomaliza, mofatsa kwambiri, "zakhala pamenepa nthawi yaitali bwanji?"

"Ya mitengoyo masabata awiri, bambo."

"Ndiye chifukwa chake a kwa mkazi wanga akhala akundifunsa za makala."

Kukonza kwake kunatenga mphindi zosakwana zisanu, zomwe zinandipsetsa mtima kuposa china chilichonse. Pa positi iliyonse pali timadontho titatu, ukadina pali `Adjust preview`, n'kusankha kuti chithunzi chilowe chonse m'kabokosi. O ndi S anabwerera kwawo. Koma wina m'chipinda chija anali atajambula kale sikirini, ndipo poti mlembi anali pansi pa tebulo, mlendo samva Chichewa, ine manja anali kunjenjemera, ndisiya kwa inu kuti muganize za mayi wa mvano uja.

Chikombole ndinachiphwanya usiku womwewo. Chatsopano ndi 1080 kwa 1350, chomwe pa timabokosi chimangotaya mapikiselo 34 mbali iliyonse, ndipo ndinajambula mizere iwiri pa 150 kuchokera m'mphepete, yomwe chilembo chilichonse sichiloledwa kuidumpha ngakhale chitalira. Ndinatsegulanso akaunti ina yobisika, yopanda wotsatira ndi mmodzi yemwe, komwe ndimayamba ndaponya chikuto n'kuchiyang'ana pa foni, pa timabokosi, pambali pa zinzake ziwiri. Mitu ya "Osa" inathetsedwa ndi komiti, mavoti asanu ndi awiri kwa ziro, ine osaloledwa kuvota. Ndinayesa kunena kuti vuto silinali "Osa" koma malo omwe ndinamuika. Anandiuza kuti Chichewa ndi choopsa, zilembo ziwiri zokha zimasandutsa lamulo kukhala umboni, ndipo tsopano mitu yonse iziyamba ndi "Tiyeni". Ndinayesa kudula: YENI TIBZALE MITENGO. Palibe amene angamangidwe nazo. Pakati pa chikuto tsopano pali mjigo. A tcheya ati aganizanso, mjigo uli ndi nkhope ndithu.

Chimene sindinauze komiti, ndipo ndikuchinena pano poti mwina mwachiona kale, n'chakuti m'chipwirikiti chonsecho ndinaiwala kuti yachinayi inali yotcheredwa kale ndi chikombole chakale. Lachitatu pa 26 Novembala, 6 koloko m'mawa, ine ndili m'tulo, foni itazima poti magetsi anathima chamadzulo, a tcheya anataya zinyalala mumsewu. Inakhalapo mpaka cha m'ma 9, nditatchaja foni pa shopu ya ometa.

Iwo sanaione, ndikuganiza. Anandipatsa moni bwinobwino Lachisanu. Kungoti ku ofesi tsopano aliyense amanditchula kuti a Osa, mpaka mlonda, amene ndikukhulupirira kuti alibe n'komwe Instagram.