Lipoti la ulendo wathu wa ku labu ya mabatire: chimene mita ya 1 kHz sichiona

Anzanga a mu gulu amene simunakwanitse kubwera Loweruka lija, nali lipoti. Tinapita ku labu ya mabatire ya yunivesite ina kuno ku Cape Town, ambiri mwa ife ndi aja timapanga mapaki a sola ndi ma selo a 18650 ochotsa mu mabatire akale a laputopu, ndiye funso lathu linali limodzi basi: bwanji selo imene mita yathu yati ili bhobho ikumagwa voteji msanga ikangolowa mu paki? Anatilandira mayi wina wofufuza za mabatire a lithiyamu, ndipo tsiku lonse linathera pa njira imodzi yoyezera mmene selo imakanira karenti pa mafilikwensi osiyanasiyana, imene amaitchula mwachidule kuti EIS.

Makina ake amalowetsa mu selo kasiginolo kakang'ono kopita uku ndi uku, kogwedeza voteji ndi 5 kapena 10 mV chabe, nkumayeza kuti karenti ikuyankha mwamphamvu bwanji komanso ikuchedwa kapena kutsogola motani. Amayamba mothamanga, mwina pa 10 kHz, nkumatsika pang'onopang'ono mpaka 0.01 Hz. Chifukwa chake nchakuti zinthu zimene zimadya voteji mkati mwa selo sizithamanga mofanana. Ukagwedeza mwachangu kwambiri zochedwazo sizipeza mpata woyankha, ndiye umaona zachangu zokha, ukamatsitsa filikwensi zinazo zimayamba kutulukira imodzi imodzi. Zotsatira zimajambulidwa pa girafu ya Nyquist, chopingasa pali `Z'`, gawo la rezisitansi, ndipo chokwera pali `-Z''`, gawo lochokera ku kutsogola kapena kuchedwa kwa karenti kuja.

Mayiwo anaika selo yatsopano kaye. Mzere unayambira pansi, umenewo anati ndi mawaya ndi mmene selo anaikulungira, tisavutike nawo, kenako unadula mzere wopingasa pa 25 mΩ, filikwensi ili cha m'ma 1 kHz. Nambala imeneyi ndiyo rezisitansi ya omu, kutanthauza elekitirolaiti, zitsulo zopyapyala za kopa ndi aluminiyamu zimene zimatolera karenti, timalilime towotcherera ndi pamene mwagwirapo selo. Kenako panabwera theka la bwalo lotambalala 10 mΩ. Apa ndi pamene lithiyamu amawoloka kuchoka mu madzi a elekitirolaiti kulowa mu elekitirodi nkukumana ndi elekitironi, ndipo kuwoloka kumeneku kumafuna voteji yake. Pamalire omwewo chaji imaunjikana ngati mu kapasita, ndiye pa filikwensi yokwera karenti imangodutsa mu kapasitayo osavutika nkuwoloka, nchifukwa chake mzere umapindika kukhala bwalo. Pomaliza, pansi pa 1 Hz, kunatuluka mchira wokwera mopendekera pafupifupi madigiri 45. Umenewu ndi difyuzhoni, lithiyamu kuyenda pang'onopang'ono mkati mwa timibulu ta elekitirodi, amautcha dzina la Emil Warburg amene analemba za izi mu 1899. Seketi yoyerekezera zonsezi pamodzi ndi ija ya John Randles ya 1947.

Ndiye anatenga selo yakale imene achimwene ena anabwera nayo mthumba, yachajidwa mofanana ndi yatsopano ija. Podula paja panasuntha pang'ono chabe, kufika 30 mΩ. Koma bwalo abale, linakula kufika 40 mΩ. Apa mpamene tonse tinakhala chete, chifukwa timamita tathu tija timayeza pa 1 kHz pokha, ndiye tikanatiuza 25 ndi 30, ife nkunena kuti selo ili bwino ilowe mu paki. Chonsecho ukawonkhetsa ziwirizo yatsopano ili pa 35 mΩ yakale ili pa 70 mΩ. Mukakoka 2 A, yatsopano imataya 70 mV pomwe yakale 140 mV, ndipotu apo sitinawerengere difyuzhoni imene imawonjezera kugwa ukakoka karenti nthawi yaitali. Kutentha nakonso nkowirikiza kawiri. Ma selo otere mukawaika limodzi mu paralelo yatsopanoyo ndi imene imasenza katundu wambiri poyamba.

Anatiwonetsanso kasamu kena kamene ine ndinakakonda kwambiri. Filikwensi ya pansonga pa bwalo imapereka kukula kwa kapasita ija:

```
C = 1 / (2π · f · R)
```

Pa yatsopano nsonga inali pa 16 Hz ndi R ya 0.010 Ω, zikupereka pafupifupi 1 F. Pa yakale nsonga inatsika kufika 4 Hz ndi R ya 0.040 Ω, yankho ndi pafupifupi 1 F yomweyo. Mayiwo anati kapasita ikakhala chimodzimodzi pomwe rezisitansi yakwera kanayi, zikusonyeza kuti malo amene elekitirolaiti ikukhudza elekitirodi sanachepe kwenikweni, chavuta nkuwoloka kweniko. Timibulu tambiri tikanaduka nkusiya kugwira ntchito, R ikanakwera koma C nkutsika.

Achimwene ena anafunsa kuti, mayi, mukudziwa bwanji kuti bwalolo ndi kuwoloka osati china chake? Iwo anangoseka nkuti tiyeni tiyese. Anamasula pang'ono chogwirira selo, girafu yonse inasunthira kumanja, bwalo osasintha kukula. Ndiye kuti vuto la pogwira kapena powotcherera limaoneka podula paja basi. Kenako anatiwonetsa zoyeza za selo yatsopano yomweyo imene anaigoneka mu kabokosi kozizira pa 0 °C: podula panasuntha pang'ono, koma bwalo linafufuma kangapo konse, chifukwa kuwoloka kwa lithiyamu kumadalira kwambiri kutentha kuposa mmene rezisitansi ya omu imachitira. Kwa ine apa ndi pamene njirayi inandigwira mtima, kuti sumangokhulupirira chithunzi, umasintha chinthu chimodzi nkuona gawo liti lasuntha.

Koma zovuta zilipo ndipo sanatibisire. Selo iyenera kupuma kaye mpaka voteji itakhazikika, chifukwa pa 0.01 Hz kugwedeza kumodzi kokha kumatenga masekondi 100, ndiye ngati voteji ikuyendabe nthawi imeneyo mchira uja umapindika monama nkumaoneka ngati difyuzhoni. Pali mayeso a Kramers-Kronig amene pulogalamu imachita kuti igwire zimenezi. Mawaya akhale anayi, awiri a karenti awiri a voteji, apo ayi mukuyeza mawaya anu. Siginolo isakule, komanso pa ma selo a rezisitansi yochepa chonchi amakonda kulamula karenti mmalo mwa voteji, poti 10 mV pa 25 mΩ ndi 0.4 A kale. Ndipo musayerekeze selo yodzaza ndi yotsala pang'ono kutha, bwalo limakula chaji ikatsika kwambiri.

China chimene anatsindika, mu selo yotseka ngati 18650 mumaona maelekitirodi awiri onse atasanjikizana, kuphatikizapo kakhungu kamene kamamera pa girafaiti ya ku negativi nkumakula selo ikamakalamba, kamene nthawi zina kamapanga bwalo lake laling'ono pa filikwensi yokwerako. Nchifukwa chake bwalo lenileni limaoneka lophwanyika osati lozungulira bwino. Kuti munene motsimikiza kuti wolakwa ndi pozitivi kapena negativi pamafunika elekitirodi yachitatu, mu selo ya mu labu.

Makinawo ndi odula, gulu lathu silingagule pano. Koma pobwerera mu minibasi tinagwirizana kuti posankha ma selo tisamadalire 1 kHz yokha. Tiziwachaja kufika voteji imodzi, apume, kenako tikoke 2 A kwa masekondi 10, nkugawa kugwa kwa voteji ndi karenti. Nambala imeneyo imanyamula omu, kuwoloka ndi chiyambi cha difyuzhoni pamodzi, ndiye tikachotsapo ya mita ija chotsalacho nchimene chinkatibisalira. Amene muli ndi lodi ya elekitironiki mubwere nayo pa msonkhano wotsatira, tiyambe ndi bokosi la ma selo lija.